Mafuta a M'chiwindi: Nthenda Yosamveka Kuwawa Koma Yotheka Kuibweza

Amene amatumbula nkhuku kawirikawiri amadziwa kuti ziwindi zimasiyana. China chimakhala chofiira moderako, chosalala ndiponso chogwirana bwino. China, makamaka cha nkhuku yonona kwambiri, chimatuluka chotuwa mwachikasu, chofewa, chonyenyeka ukangochitsina. Chachiwiricho chadzaza mafuta. Zomwezi zimachitikanso m'thupi la munthu, ndipo akatswiri amati pa anthu akuluakulu 10 alionse padziko lapansi, pafupifupi 3 ali ndi chiwindi chotere. Ambiri mwa iwo sakudziwa, poti chiwindi sichifulumira kudandaula.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chili kudzanja lamanja, m'munsi mwa nthiti. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'menemo asanapite kwina kulikonse. Chimasunga shuga woti thupi ligwiritse ntchito usiku kapena pa nthawi ya njala, chimapanga ndulu, chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akavulala, ndiponso chimasungunula mowa ndi mankhwala. Mafuta pang'ono m'chiwindi si vuto. Madokotala amayamba kunena za nthenda mafutawo akalowa m'maselo oposa 5 pa maselo 100 alionse.

Kwa zaka zambiri, dokotala akaona chiwindi chotere ankangoti mwiniwake ndi chidakwa, ndipo wodwala akakana ankamuyesa wabodza. Mu 1980, Jurgen Ludwig ndi anzake a pachipatala cha Mayo ku Amereka analemba za odwala amene ziwindi zawo zinkaoneka ngati za anthu omwa kwambiri pomwe iwo sankamwa. Ambiri anali onenepa, ena anali ndi matenda a shuga. Kuyambira mu 2023 nthenda ya mtundu umenewu imalembedwa mwachidule kuti MASLD, ndipo mukhoza kuona zilembo zimenezi pa pepala la zotsatira. Choncho mafuta amafika m'chiwindi kudzera njira ziwiri zikuluzikulu: mowa, ndi kusokonekera kwa momwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Anthu ambiri ali pa njira zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo zikatere chiwindi chimawonongeka msanga.

Ambiri akamva za mafuta a m'chiwindi amathamangira kuchepetsa mafuta ophikira basi. Nkoyenera kutero, koma si pamene pagona nkhani. Ofufuza atatsata komwe mafuta a m'chiwindi cha odwala amachokera, anapeza kuti ochokera mwachindunji m'mafuta a m'chakudya ndi gawo laling'ono, pafupifupi 15 pa 100. Oposa theka amachokera m'mafuta osungidwa m'thupi la munthuyo, makamaka a pamimba. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi chiwindi chimadzipangira chokha kuchokera ku shuga ndi zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga ndi buledi, munthu akamadya zoposa zimene thupi lake likuwotcha. Chimene chimalumikiza zonsezi ndi insulini, mthenga amene amauza maselo kuti alandire shuga. Mimba ikakula, thupi limayamba kusamumvera mthengayu. Mafuta a pamimba amayamba kukhuthukira m'magazi ndi kulunjika kuchiwindi, ndipo insulini wochuluka uja amalamula chiwindi kuti chipangenso ena. Nchifukwa chake oposa theka la anthu odwala shuga wa akuluakulu ali ndi mafuta m'chiwindi, ndipo nchifukwa chakenso munthu wooneka wochepa thupi koma wa kamimba kotuluka sali pabwino.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendonso. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Lilongwe ndi ku Karonga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni anali olemera kuposa muyeso.

Nthendayi imayenda pang'onopang'ono. Poyamba pamakhala mafuta okha. Chiwindi chimakula pang'ono koma chimagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo anthu ambiri amakalamba ali pa gawo lomweli. Mwa ena, mwina m'modzi pa anthu anayi kapena asanu, mafuta aja amayamba kupweteka maselo. Maselo amafufuma, ena amafa, ndipo chitetezo cha m'thupi chimathamangirako. Uku ndiko kutupa kwa chiwindi, kumene pa mapepala amalemba kuti MASH.

Gawo lotsatira ndi limene tiyenera kulimvetsa bwino, chifukwa ndi limene limalosera tsogolo la wodwala kuposa kuchuluka kwa mafuta. Pamene maselo afa, thupi limatsekapo ndi chipsera, monga momwe limachitira pakhungu. Chipsera chimagwira malo koma sichigwira ntchito: sichipanga ndulu, sichisungunula mankhwala. Madokotala amawerenga zipserazi kuyambira F0 mpaka F4. Pa F0 palibe chipsera. Pa F1 ndi F2 timizere tazipsera tayamba kuoneka apo ndi apo. Pa F3 timizereto talumikizana, tayamba kugawa chiwindi m'zigawozigawo. F4 ndiye sirosisi: chiwindi chonse chalimba, chachita timabuthumabuthu, ndipo nthawi zambiri chimayamba kufota. Pa avereji, munthu wa mafuta okha amatenga zaka pafupifupi 14 kuti akwere sitepe imodzi, pomwe wa chiwindi chotupa amatenga zaka pafupifupi 7. Pali ena amene zimawathamangira kuposa apa, makamaka odwala shuga ndi omwa mowa. Komabe kwa ambiri pali zaka zochuluka zoti achitepo kanthu, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti zaka zimenezi zimangodutsa mwiniwake asakudziwa. Mwina amangomva kutopa, kapena kulemera pang'ono m'munsi mwa nthiti za kumanja, zinthu zimene aliyense angaziike pa ntchito kapena pa malungo.

Ngakhale sirosisi imatha kukhala zaka osadzionetsa. Imaululika pamene magazi ochokera m'matumbo akulephera kudutsa m'chiwindi cholimbacho. Magaziwo amabwerera m'mbuyo, kapamba amatupa, mitsempha ya kummero imafufuma mpaka tsiku lina kuphulika, munthu nkusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii. Madzi amadzaza m'mimba, miyendo imatupa pomwe mikono ndi nkhope zikuwonda. Maso amachita chikasu. Poizoni amene chiwindi chikanachotsa amafika kuubongo, munthu nkumagona masana, kukhala maso usiku, kuyankhula zosagwirizana. Pakhomo ena amayamba kunong'onezana zoti walodzedwa, pomwe akufunika kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuti tione momwe zimakhalira nthenda ikagwidwa msanga, tiyerekeze mayi wa zaka 48 amene ali ndi golosale m'tauni. Ndi wamtali masentimita 160, amalemera makilogalamu 90, ndipo tepi ya telala ikazunguliridwa pamchombo imawerenga masentimita 104. Mowa samwa. Wapita kuchipatala ndi vuto lina, amujambula sikani ya pamimba, ndipo wojambulayo waona kuti chiwindi chikuwala kuposa impso ya kumanja, chomwe ndi chizindikiro cha mafuta. Mayiyu akufunsa mwamantha: "Adokotala, ndiye kuti chiwindi changa chatha?"

Dokotala wodziwa ntchito sayankha funsoli ndi sikani yokha, chifukwa sikani wamba imaona mafuta koma siona zipsera zoyambirira. Amayamba ndi kufunsa za mowa mosabisa mawu, za mankhwala onse amene mayiyu akumwa, ndi za zitsamba. Kenako amayeza hepataitisi B ndi C. Kuno kuyeza kumeneku nkosalumphika: kafukufuku wasonyeza kuti pafupifupi akuluakulu 8 pa 100 alionse m'Malawi ali ndi hepataitisi B, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, kutanthauza kuti obadwa kale sanamulandire. Kwa amene anakulira m'mbali mwa nyanja kapena m'madambo a mpunga, likodzo la m'matumbo nalonso limalimbitsa chiwindi. Munthu atha kukhala ndi mafuta pamodzi ndi imodzi mwa nthenda zimenezi, ndipo kungomuuza kuti achepetse thupi nkusiya kachilombo kakudya chiwindi ndi kumulakwira kwambiri.

Zotsatira za magazi a mayi uja zabwera motere: ALT ndi 64, AST ndi 40, mapuleteleti ndi 210. ALT ndi AST ndi zinthu zimene zimatayikira m'magazi maselo a chiwindi akavulala. Mapuleteleti ndi tizigawo ta magazi timene timachepa chiwindi chikalimba ndi kapamba akatupa. Manambala atatuwa, pamodzi ndi zaka za munthu, amalowa m'kasamu kotchedwa FIB-4:

```
FIB-4 = (zaka × AST) ÷ (mapuleteleti × √ALT)
```

Kwa mayiyu, 48 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1,920. Nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 64 ndi 8, ndipo 210 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1,680. Tikagawa 1,920 ndi 1,680 tikupeza 1.14. Yankho lochepera 1.3 limasonyeza kuti nzokayikitsa kuti pali zipsera zazikulu. Apa dokotala atha kunena ndi mtima wokhazikika kuti, "Ayi mayi, sichinathe. Mwabwera nthawi yabwino." Koma AST ikanakhala 70 ndipo mapuleteleti 130, yankho likanakhala 3.2. Loposa 2.67 limafuna kuti munthu aonedwe ndi katswiri, ndipo la pakati pa 1.3 ndi 2.67 limafuna kuyeza kwina, monga makina oyeza kulimba kwa chiwindi otchedwa FibroScan kumene alipo. Kasamuka kali ndi malire ake. Sikadalirika kwa anthu osafika zaka 35, kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo malire a m'munsi amakwera kufika pa 2.0, ndipo sikayenera kuwerengedwa munthu akudwala malungo kapena nthenda ina imene imagwetsa mapuleteleti kwakanthawi. Chinanso choyenera kudziwa nchakuti ALT yabwinobwino si umboni woti chiwindi chili bwino. Alipo anthu a sirosisi amene ALT yawo sikwera.

Tsopano mayiyu achite chiyani? Yankho lake lili pa sikelo, ndipo lili ndi manambala. Kutaya magawo 3 mpaka 5 pa 100 a kulemera kwa thupi kumachepetsa mafuta a m'chiwindi. Kutaya 7 mpaka 10 kumaziziritsa kutupa. Kufika pa 10 kapena kuposa kumatha kubweza ngakhale zipsera. Umboni wodziwika bwino unachokera ku Havana, m'dziko la Cuba, ndipo unasindikizidwa mu 2015. Odwala 293 anatapidwa kanyama ka chiwindi, anasintha kadyedwe ndi kumayenda kwa chaka chathunthu, kenako ambiri mwa iwo anatapidwanso. Mwa amene anataya magawo 10 pa 100 kapena kuposa, 9 pa 10 alionse kutupa kunatheratu, ndipo pafupifupi theka zipsera zinachepa. Koma kafukufuku yemweyo akutiuzanso chinthu chowawa: amene anafika pa mlingo umenewu anali m'modzi yekha pa odwala 10. Njirayi imagwira ntchito, koma si yophweka, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zonse ziwiri.

Kwa mayi wa makilogalamu 90, chigoli choyamba ndi makilogalamu 4 ndi theka, ndipo chigoli chenicheni ndi makilogalamu 9, kuti afike pa 81. Akamataya theka la kilogalamu pa sabata, ndi ulendo wa miyezi inayi kapena isanu, ngakhale kuti ambiri zimawatengera nthawi yoposa apa. Kudzimana chakudya kwa masiku kuti thupi ligwe msanga nkoopsa. Kumabweretsa timiyala m'ndulu, kumadya minofu, ndipo thupi limabwerera pakale munthu akangotopa nako.

Poyambira pabwino ndi pa zakumwa, chifukwa shuga wa m'madzi sakhutitsa. Mayi wathu amamwa tiyi kawiri pa tsiku, masipuni ang'onoang'ono atatu m'kapu iliyonse. Amenewo ndi magalamu 24. Ali m'golosale amatsegula mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, ndipo botolo la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera kwambiri limakhala ndi shuga wokwana masipuni pafupifupi 8. Pa tsiku wamwa masipuni oposa 20 asanatafune kanthu, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masipuni pafupifupi 12, ndipo kuti 6 ndiye abwino koposa. Theka la shuga wa m'paketi ndi mtundu wotchedwa fulakitozi, umene ukabwera wambiri nthawi imodzi umathera m'chiwindi ndi kusanduka mafuta mosavuta. Skwashi, juwisi wa m'mabokosi, zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu ndi thobwa lothira shuga wambiri zonse zili m'gulu lomweli. Chipatso chodya chathunthu, monga gwafa, papaya kapena lalanje, ndi nkhani ina, poti chimalowa ndi zotsalira zake ndipo chimakhutitsa. Akangosiya mabotolo awiri aja ndi kutsitsa shuga wa mu tiyi kufika pa sipuni imodzi, mayiyu wachita kale gawo lalikulu la ntchito.

Nsima sikuti aisiye. Langizo loti munthu wa kuno asiyiretu nsima limatha sabata imodzi basi. Chofunika ndi kusintha kagawidwe ka m'mbale: mitanda itatu ikhale iwiri, kenako umodzi ndi theka, ndipo malo otsalawo adzaze ndi nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso kapena therere, mpaka masamba atenge theka la mbale. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga ndipo umakhalitsa m'mimba, koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi chakudya chochulukabe. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba ndi mazira zikhale ndiwo za masiku onse, pomwe chipisi cha pachiwaya, mandasi, soseji ndi nyama yonona zikhale za apo ndi apo. Mtedza ndi nsinjiro nzabwino, malinga ngati mtedzawo ndi wosankhidwa bwino. Wachuku, wofota kapena wowawa utayidwe, chifukwa chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni amene amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu a hepataitisi B.

Kuyenda kumachotsa mafuta m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe, chifukwa minofu yogwira ntchito imayamwa shuga ndipo thupi limayambanso kumvera insulini. Mlingo wake ndi mphindi 150 pa sabata, mwachitsanzo mphindi 30 masiku asanu, pa liwiro loti munthu atha kuyankhula koma sangathe kuimba. Kwa mayi wa golosale, izi zingatanthauze kusiya kabaza wam'mawa nkuyenda wapansi. Kulima, kutunga madzi ndi kukwera chitunda zimawerengedwa.

Za mowa, mawu ndi achidule. Ngati mafuta abwera ndi mowa, kusiya kumawachotsa m'masabata owerengeka, bola zipsera zisanakule. Amene ali ndi zipsera kale asamwe ngakhale pang'ono, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu. Koma amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. Kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kukomoka zimatha kupha, choncho asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Pali chopinga china chimene mabuku a zachipatala satchula kawirikawiri. Kwathu kuno munthu akanenepa timamuyamikira kuti zikumuyendera, ndipo akayamba kutsika thupi anthu amayamba kuyang'anizana. Mayi amene wataya makilogalamu 6 ndi thukuta lake amafunsidwa kutchalitchi kuti, "Kodi mukudwala?" Apongozi amadandaula kuti mwana wawo sakusamala banja. Ndi mawu otere amene amabwezera anthu ambiri ku mitanda itatu. Nchifukwa chake ndi bwino kuti a pabanja amve kuchokera kwa dokotala, kapena kwa mwiniwake, kuti kutsika thupiku nkwadala ndipo ndiwo mankhwala ake. Mphika ukakhala umodzi, kusintha kwa munthu m'modzi kumafuna kuti ophika ndi odya onse agwirizane nako. Amene ali pa ma ARV ndipo aona thupi likukwera asasiye mankhwala, koma akambirane ndi achipatala.

Pamsika ndi pa mafoni pali malonda ambiri a tiyi, ufa ndi mabotolo amene amati amatsuka chiwindi. Palibe umboni woti amachotsa zipsera, ndipo ena mwa iwo ndi amene amavulaza chiwindicho. Mankhwala enieni ayamba kupezeka: mu 2024 dziko la Amereka linavomereza mankhwala oyamba a chiwindi chotupa chokhala ndi zipsera za F2 ndi F3, koma ndi okwera mtengo kwambiri ndipo amaperekedwa pamodzi ndi kusintha kadyedwe, osati m'malo mwake. Khofi wopanda shuga, makapu awiri kapena atatu pa tsiku, waoneka m'kafukufuku wambiri kuti amayendera limodzi ndi zipsera zochepa, ngakhale kuti yekha sachiza.

Mayi uja akabwerera kuchipatala pakatha miyezi 6, dokotala adzayang'ana sikelo, tepi ya pamchombo, ALT, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa amayi, mimba yoposa masentimita 80 imayamba kudetsa nkhawa, kwa abambo 94, ndipo njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti mimba isapose theka la msinkhu. FIB-4 idzawerengedwanso pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kapena msanga ngati wapezeka ndi shuga. Shuga ndi BP sizikuyezedwa mongodutsa: anthu ambiri a mafuta m'chiwindi samwalira ndi chiwindi, amamwalira ndi mtima kapena sitiroko. Ngati dokotala walemba mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi, amwedwe, poti chiwindi cha mafuta chimawalandira bwino.

Kwa amene wapezeka kale ndi sirosisi, malamulo amasintha, ndipo malangizo ochepetsa thupi asawatsatire payekha. Thupi lake limadya minofu msanga, choncho amafunika zakudya zomanga thupi zokwanira ndi kakudya kena asanagone, kuti asakhale maola ambiri m'mimba muli pululu. Madzi akayamba kudzaza m'mimba, mchere uchepe kwambiri. Mankhwala opha ululu a mtundu wa buluféni ndi daikulofenaki awapewe, chifukwa amawononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi. Panado ndi wololedwa koma asapose magalamu awiri pa tsiku, omwe ndi mapiritsi anayi a mamiligalamu 500. Miyezi 6 iliyonse ajambulitse sikani kuti khansa ikayamba igwidwe ili yaing'ono, ndipo afunse ngati mitsempha ya kummero ikufunika kuunikidwa kapena kutetezedwa ndi mankhwala. Chimene chinayambitsa nthenda chikachotsedwa, kaya ndi mowa, kachilombo kapena kunenepa, sirosisi yomwe sinayambe kuonetsa zizindikiro imatha kuima pomwepo kwa zaka zambiri.